Paipi ya 25 ikugwedera m'cholumikizira cha inchi imodzi: walakwa ndani?

*Ndinagula thanki ya malita 5,000 ndipo ndinayikweza pa sitandi. Kuchokera pansi pa thanki kufika pomwe padzakhale mpope wa kudimba pakutsika mamita 4, mtunda wake ndi mamita 100. Valavu ya pa thanki ndi ya inchi imodzi. Pa tepi yanga inchi imodzi ndi mamilimita 25, ndiye ndinagula paipi yakuda yolembedwa 25 mm. Nditapempha zolumikizira za inchi imodzi ku hadiweya ina anandipatsa zolembedwa 32, ndipo paipi ikungogwedera m'kati mwake. Ndayeza mazinga a nipo ya pa valavu ndapeza 33. Akundinamiza ndani, ndipo ndigule chiyani?* (Mlimi wa ku Mponela)

Bambo, palibe amene wakunamizani. Tepi yanu ili bwino, wa ku hadiweya uja anakupatsani chinthu choyenera, ndipo valavu yanunso ndi ya inchi imodzi ndithu. Chimene chasokoneza n'chakuti mawu akuti "inchi imodzi" pa nkhani ya mapaipi ndi dzina chabe, si muyeso. Munthu akhoza kutchedwa Chimwemwe koma ali wokwiya tsiku lonse. Mutatenga paipi yachitsulo ya inchi imodzi n'kuiyeza paliponse, kunja kapena m'bowo, simupeza malo amene ali mamilimita 25.4. Kunja kwake ndi 33.7, bowo lake ndi pafupifupi 27. Paipi yakuda imene imafanana nayo pa ntchito ndi ya 32, osati ya 25. Yanuyo ya 25 ndi mnzake wa firikota, ndiko kuti ¾ ya inchi.

Musanadule kachidutswa kalikonse pa paipi mwagulayo, werengani kaye mpaka pansi, chifukwa paipi yosadula ogulitsa ambiri amalola kusintha.

Paipi iliyonse ili ndi miyeso itatu: kukula kwake kunja, kuchindikala kwa khoma lake, ndi bowo lomwe madzi amadutsamo. Cholumikizira chimagwira kunja, kotero chimasamala za muyeso wa kunja wokha. Madzi alibe nazo ntchito za kunja, iwo amaona bowo. Tsono dzina lolembedwa pa paipi nthawi zina limanena za kunja, nthawi zina za bowo, ndipo pa mapaipi achitsulo silinena chilichonse cha ziwirizi. Musanakhulupirire nambala, muyenera kudziwa kuti ndi ya mtundu uti wa mapaipi.

Tiyambe ndi achitsulo, aja timati GI, chifukwa chisokonezo chonse chinachokera kumeneko. Kalekale paipi ya inchi imodzi inalidi ndi bowo la pafupifupi inchi imodzi, ndipo khoma lake linali lochindikala kwambiri chifukwa chitsulo cha nthawi imeneyo sichinali cholimba ngati cha lero. Mazinga ankadulidwa kunja. Chitsulo chitayamba kupangidwa bwino, opanga anapeputsa khoma, koma sakanatha kuchepetsa kunja popeza masoketi, maelibo ndi mavalavu onse amene anali kale m'nyumba za anthu akanasiya kulowa. Anasiya kunja momwe kunalili, n'kukulitsa bowo, dzina n'kukhala lomwelo. Ndicho chifukwa chake lero hafu inchi kunja kwake ndi mamilimita 21.3, firikota ndi 26.9, inchi imodzi ndi 33.7, inchi ndi hafu ndi 48.3, ndipo mainchi awiri ndi 60.3. Mazinga amadulidwa pa chitsulo chomwecho, n'chifukwa chake amachepako pang'ono: a inchi imodzi pamwamba pake ndi 33.2. Ndiye 33 mwapezayo akungotsimikizira kuti nipo yanu ndi ya inchi imodzi.

Mukapeza m'makalata a mainjiniya palembedwa DN15, DN20 kapena DN25, ndi mayina omwewo atangovekedwa mamilimita. DN25 ndi inchi imodzi ija ya 33.7 kunja. Apa ndi pamene anthu ophunzira omwe amagwa: pepala likuti DN25, wogula akupita ku hadiweya n'kubwera ndi paipi yakuda ya 25, zinthu ziwiri zongofanana manambala.

Mapaipi achitsulo amabwera m'magulu atatu, opepuka, apakati ndi olemera, ndipo nthawi zambiri apakati amakhala ndi mzere wa buluu, olemera wofiira. Onse atatu kunja n'chimodzimodzi, kotero soketi imodzi imalowa pa onse. Chimasintha ndi bowo. Wapakati wa inchi imodzi khoma lake ndi 3.2, wolemera ndi 4.0.

Mapaipi apulasitiki a mamilimita anabwera ndi nzeru ina, yosavuta: nambala yolembedwa ndi muyeso weniweni wa kunja. Paipi yakuda ya HDPE ya 25 kunja kwake ndi 25, ya 32 ndi 32, basi. Zimenezi zili chimodzimodzi pa PVC ya mamilimita ndi pa PPR, ija yobiriwira yowotcherera ndi makina. Koma popeza nambalayo ndi ya kunja, bowo limatsala laling'ono, ndipo kuti mupeze bowo lofanana ndi la chitsulo muyenera kukwera sitepe imodzi. Hafu inchi mnzake ndi 20, firikota ndi 25, inchi imodzi ndi 32, inchi ndi kota ndi 40, inchi ndi hafu ndi 50, mainchi awiri ndi 63. Wogulitsa uja atamva kuti "inchi imodzi" anatola 32 chifukwa ndiye mnzake. Kulakwa kwake n'kumodzi kokha, sanakufunseni kuti paipi yanu yalembedwa chiyani.

Yendani m'mbali mwa paipi yanu, mupeza zolembedwa zobwerezabwereza zonga izi:

```
PE100  25 x 2.3  SDR11  PN16
```

Nambala yoyamba, 25, ndi kunja. Yachiwiri, 2.3, ndi khoma. Bowo mumalipeza pochotsa khoma kawiri, chifukwa khoma lili mbali zonse ziwiri: 25 kuchotsa 4.6 kutsala 20.4. PN16 ikunena mphamvu ya madzi yomwe paipiyo ingapirire, yofanana ndi kutsika kwa mamita pafupifupi 160. SDR ndi kunja kugawa ndi khoma, choncho nambala yake ikachepa ndiye kuti khoma ndi lochindikala. Ya 32 ya SDR11 khoma lake ndi 3.0 ndipo bowo ndi 26. Ya 32 yomweyo ya SDR17, yomwe ndi PN10, khoma ndi 2.0, bowo 28. Zonse ziwiri zimalowa m'cholumikizira chimodzi cha 32. Kwa inu amene muli ndi mamita 4 okha, PN16 ndi ndalama zongotaya, ndiponso ikukuberani bowo.

Tsopano tiwerengere dimba lanu, chifukwa funso lenileni si lakuti chilowa n'chiti koma lakuti madzi afika ochuluka bwanji.

Pali cholumikizira cholembedwa 25 x 1", mbali ina chimagwira paipi ya 25, mbali ina chili ndi mazinga a inchi imodzi. Chikasowa, mumaika bushi yochepetsa inchi imodzi kufika pa firikota, kenako 25 x ¾". Mutatero mawa lomwe paipi yanu ilumikizika bwinobwino osadontha. Koma madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi khoma, ndipo kukhulanako kumadya mphamvu imene thanki yawapatsa. Inu mphamvu yanu ndi mamita 4 aja, thanki ikakhala pafupi kutha. Kukhulana kumeneku kumakula msanga kwambiri bowo likachepa. Mukachepetsa bowo ndi theka, madzi ofanana kuti adutse amafuna mphamvu yochuluka kuposa maulendo makumi awiri.

Ndawerengera mamita 100 a paipi yosalala ndi kutsika kwa mamita 4, osaphatikiza zomwe mpope ndi maelibo amadya. Bowo la 26 lipereka malita pafupifupi 30 pa mphindi, ndiye kuti ndowa ya malita 20 idzaza m'masekondi 40. Bowo la 28 lifika cha m'ma 36. Bowo la 20.4, lomwe ndi la paipi mwagulayo, lipereka malita pafupifupi 16, ndowa yomweyo mphindi imodzi ndi kota. Kusiyana kwa mamilimita osakwana 6 pa bowo kwadya pafupifupi theka la madzi. Pa nthaka yeniyeni manambala onsewa atsika pang'ono, makamaka mukaika mpope wa hafu inchi kumapeto, koma kusiyana kwake kukhala komweko.

Ngati mpopewo ndi wotungira m'khitchini kapena womwetsera nkhuku, malita 16 ndi okwanira, musavutike kusintha. Ngati ndi wothirira mabedi a tomato, anthu awiri kapena atatu akudikirira ndi makeni, bwererani ku sitolo mukasinthe ndi ya 32 n'kuonjezera ndalama. Zolumikizira za 32 muli nazo kale. Ogulitsa akakana, musataye ya 25: ikani ya 32 ngati msewu waukulu, ya 25 muidule nthambi zifupizifupi za m'dimba pogwiritsa ntchito tii ya 32 x 25 x 32. Chimene sindingavomere ndi chija ena amachita, kuika mamita awiri a 32 pa thanki kenako 98 a 25, n'kumaganiza kuti "ayambitsa ndi yaikulu". Madzi amamvera paipi yaitaliyo.

Pa nkhani yomweyi ya bowo, muchenjere ndi PPR. Ndi paipi yabwino ya madzi otentha m'nyumba, koma khoma lake n'lochindikala kwambiri. Ya 25 ya PN20 khoma ndi 4.2, bowo limatsala 16.6, lofanana ndi la hafu inchi yachitsulo. Ya 32 bowo ndi 21.2. Ndimapeza nyumba zambiri zomwe mwini wake akudandaula kuti shawa ikungodontha pomwe thanki ili pamwamba, ndikayang'ana n'kupeza PPR ya 20, bowo 13.2, yayenda nyumba yonse. Ndipo wowotcherera akaisiya nthawi yaitali pa makina kapena akakankha mopyola, pulasitiki yosungunuka imapanga mkombero m'kati n'kutsekanso bowo laling'onolo. Kunja simuona kanthu.

Pali msampha wina umene muyenera kuupewa musanapite ku sitolo, ndipo umakhudza paipi yakuda yomwe. Si paipi yakuda iliyonse imene imatchulidwa ndi kunja. Ilipo ina yofewa, ya LDPE, yotchuka pa ulimi wothirira makamaka yochokera ku Joni, imene nambala yake imanena za bowo. Ya 25 ya mtundu umenewu bowo lake ndiye la pafupifupi 25, kunja kumaposa, ndipo kumasintha malinga ndi kuchindikala kwa khoma. Zolumikizira zake sizigwira kunja. Ndi zija zokhala ndi mano, zolowetsa m'bowo n'kumanga ndi kilampu. Payipi yofewa yothirira maluwa nayonso imatchulidwa ndi bowo. Yanuyo poti ikugwedera kwambiri mu 32 ndikuganiza kuti ndi ya HDPE, koma musadalire kuganiza kwanga, yezani.

Kuyeza kwake sikufuna chida chodula. Amene ali ndi kalipa ayeze kunja mbali ziwiri, chifukwa paipi yomwe yakhala yokulungidwa imaphwatalala pang'ono. Amene alibe atenge kapepala kowonda, akulunge mozungulira paipi mothina, alembe pomwe kakumana, atambasule n'kuyeza pa rula, kenako agawe ndi 3.14. Ulusi umatamuka, pepala ndiye labwino. Paipi ya 25 mupeza mamilimita 78 kapena 79 kuzungulira, firikota yachitsulo 84 kapena 85, ya 32 mupeza 100, inchi imodzi yachitsulo 106. Onani kuti poyeza kukamwa kwa paipi ndi tepi, 32 ndi 33.7 amaoneka ngati amodzi, koma pozungulira kusiyana kwake kumafika mamilimita 5 kapena 6, omwe diso silingawaphonye. Muziyeza pakati pa paipi, osati kunsonga komwe sowo yasiya zibanthu.

Nanga mitundu yosiyana imakumana bwanji? Imakumana pa mazinga. Chitsulo, mkuwa, PVC, PPR ndi HDPE, chilichonse chili ndi njira yake yolumikizira chokhachokha, koma zonse zili ndi adaputa imene mbali ina ndi ya mtundu wake, mbali ina ndi mazinga a mainchi. N'chifukwa chake adaputa imalembedwa manambala awiri, monga 32 x 1". Yoyamba ndi kunja kwa paipi, yachiwiri ndi dzina la mazinga. Mukamapempha pa kauntala tchulani zonse ziwiri, ndiponso nenani ngati mukufuna yachimuna, ya mazinga kunja, kapena yachikazi, ya mazinga m'kati. Mapaipi a mkuwa a pa giza nawo ali ndi manambala awo, 15 ndi 22, omwe ndi a kunja, ndipo amagwirizana ndi hafu inchi ndi firikota. Choncho hafu inchi yokhayo ili ndi anzake atatu, 21.3 pa chitsulo, 20 pa pulasitiki, 15 pa mkuwa, ndipo palibe amene angagwire bwino m'soketi ya mnzake.

Mazinga amene timagwiritsa ntchito kuno ndi a Chingerezi, otchedwa BSP. Hafu inchi ndi firikota ali ndi mizere 14 pa inchi, kuyambira inchi imodzi kupita m'mwamba ndi mizere 11. Ku Amereka ali ndi awo, a NPT, ndipo nthawi zina amatipeza pa mapampu, mafyuluta ndi zida zina zobwera kuchokera kunja. Pa inchi imodzi iwo ali ndi mizere 11.5, ndipo mano ake anapendekeka mosiyana. Mumawazindikira chifukwa amalowa bwino kawiri kapena katatu kenako n'kukakamira msanga. Mukakakamiza ndi bobojani mumapha mazinga onse awiri. Pa hafu inchi ndi firikota n'zonyenga kwambiri popeza mizere ndi 14 konsekonse, amalowa ngati abwino koma amatuluka thukuta osasiya. Mankhwala ake ndi adaputa yosinthira, osati tepi yambiri.

Ngakhale mwa BSP momwemo muli mitundu iwiri. Ena ndi osongoka pang'ono, amanka nathina pamene mukumanga, ndipo amatseka madzi pa mazinga penipeni mothandizidwa ndi tepi yoyera ija. Amenewa ndi a pa paipi yachitsulo ndi manipo. Ena ndi owongoka, sathina mpaka kumapeto, ndipo amatseka madzi ndi washa. Amenewa ndi a pa timapaipi tofewa ta pansi pa sinki ndi pa mita ya madzi. Kachitsanzo kakang'ono: mita ya pakhomo ya hafu inchi pa thupi pake pamakhala mazinga a firikota, ndipo timichira take ndi tomwe timatsitsa kufika pa hafu inchi. Pamene pakufunika washa, tepi siithandiza. Pakadontha sinthani washa.

Tibwere pa thanki yanu. Mwanena kuti pa valavu pali nipo, ndiye kuti muli ndi mazinga achimuna achitsulo. Apa pali chinthu chimene ndimaumirira: musamange chachimuna chachitsulo m'chachikazi chapulasitiki. Chitsulo chosongokacho chimalowa ngati mphanyiro wowazira nkhuni, pulasitiki n'kung'aluka, mwina tsiku lomwelo, mwina patatha mwezi dzuwa litaiwomba. Chotsani nipoyo, mumange adaputa yachimuna ya 32 x 1" m'valavu mwachindunji, chifukwa valavu zambiri zili ndi mazinga achikazi mbali zonse. Pulasitiki ikakhala m'kati mwa chitsulo imapanikizidwa, siing'aluka. Ngati nipo singachoke, ikani soketi yachitsulo pa iyo, adaputa ilowe m'soketimo.

Ine ndikanatsitsa madzi pa sitandi ndi paipi yachitsulo ya inchi imodzi yomangirira ku sitandiyo, n'kuika yuniyoni pafupi ndi valavu kuti tsiku lotsuka thanki musadzadule kanthu, paipi yakuda n'kuyambira pansi. Kulemera kwa paipi kusapachikike pa kamwa la thanki, pamenepo pakang'aluka kukonza kwake n'kovuta. Tepi muikulunge motsata mbali yomwe chachikazi chizizungulira pomanga, kuti isamasuke. Pa pulasitiki mangani ndi manja mpaka pothina, muonjezere kamodzi kapena kawiri ndi sipanala, musapitirire.

Cholumikizira cha paipi yakuda, chija cha nati ya buluu, chili ndi zinthu ziwiri m'kati: mphete ya mano imene imaluma paipi kuti isasololoke, ndi mphete ya labala imene imatseka madzi. Zonse ziwiri zinapangidwira muyeso umodzi wa kunja. Paipi ya 25 mu 32 ili ndi mpata wa mamilimita 3.5 mbali iliyonse, labala siingafikepo ngakhale mutamanga nati mpaka kuthyoka. Ndaonapo anthu akukulunga malegeni kapena mapepala apulasitiki kuti paipi inenepe. Zimagwira pa tsiku lolipira pulambala basi. Pomanga ya saizi yoyenera, dulani paipi mowongoka, palani m'mphepete mwa nsonga ndi mpeni kapena tupa kuti isakande labala, yezani kuya kwa cholumikizira n'kulemba pa paipi. Masulani nati, nyowetsani nsonga ndi madzi, kankhani. Mumva kulimba koyamba, pamenepo paipi yangofika pa labala, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Kankhaninso mpaka chizindikiro chanu chifike. Pa mazinga a nati ya buluu sipaikidwa tepi.

Paipi yakuda imatalika ikatenthedwa. Mamita 100 akhoza kusintha ndi masentimita 30 kapena 40 pakati pa masana a Okutobala ndi m'bandakucha. Mukaikoka mothina masana n'kulumikiza, usiku ifupika n'kudzisolola. Igonekeni m'ngalande mokhotakhota pang'ono, mulumikize komaliza m'mawa, muyese ndi madzi musanakwirire.

Simunafunse za PVC, koma poti muli ndi dimba tsiku lina mudzaigula, ndipo ndi kumene chisokonezo cha mayina chimawonongetsa ndalama zambiri. M'masitolo mwathu mumapezeka PVC ya mamilimita komanso ya mainchi, ndipo ya mainchi kunja kwake kumatsata chitsulo. Inchi imodzi siilowa n'komwe m'soketi ya 32, ndiye palibe amene amanyengeka. Zoopsa ndi zomwe zimalowa. Inchi ndi hafu, 48.3, imalowa mosavuta m'soketi ya 50. Mainchi awiri, 60.3, amalowa mu 63. Guluu wa PVC sadzaza mpata ngati simenti ya njerwa. Ntchito yake ndi kusungunula pamwamba pa mbali ziwiri zothinana kuti zisanduke chinthu chimodzi. Mpata ukakhalapo, amangouma ngati chikhungwa.

Chaka china ndinaitanidwa ku sikimu ina yothirira komwe mzere wa pampu unkaphulika pa mfundo imodzi lero, ina mawa. Mapaipi anagula kwina, a mainchi awiri, maelibo ndi matii anagula kwina, a 63. Aliyense ankati guluu ndi wachinyengo, anasintha zitini zitatu. Nditakoka mfundo imodzi inasololoka ndi manja, guluu n'kutsala m'soketi ngati chikopa cha njoka. Kuyesa kwake n'kwa masekondi ochepa ndipo kumachitika musanatsegule chitini: lowetsani paipi youma m'soketi. Iyenera kuyamba kuthina itadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu, isanapyole magawo awiri. Ikafika pansi ikugwedera, si anzake, funani soketi yosinthira kuchoka ku mainchi kupita ku mamilimita kapena mudutsire pa mazinga.

Za kuwotcha nsonga ya PVC pamoto wa mapepala kuti ikule n'kumeza inzake, ndikudziwa kuti aliyense amachita, inenso ndinachitapo pa paipi yotaya madzi a kubafa. Pa mzere wa pampu ayi. Pomwe pakulapo khoma lapyapyala, ndipo pomwe padera pamakhala pofooka. Komanso si PVC iliyonse ya 50 kapena 110 imene ndi ya mphamvu ya madzi. Ya zonyansa za kubafa ndi kuchimbudzi kunja kwake n'kofanana ndi ya madzi akumwa, imalowa m'soketi yomweyo, koma khoma lake silinapangidwire kukankhidwa ndi pampu. Chimodzimodzi kondyuti ya mawaya a magetsi ya 20 ndi 25. Pa PVC ya madzi fufuzani kalasi yolembedwa, monga 6, 9, 12 kapena 16.

Ndiye popita ku Mponela kapena ku Lilongwe kukasintha, pepala lanu likhale ndi izi: paipi ya HDPE ya 32 ya PN10, mamita 100, adaputa yachimuna ya 32 x 1" ya kuthanki, ndipo kudimba adaputa yachimuna ya 32 x 1" kapena 32 x ¾" yolowa m'elibo yachitsulo ya paipi yoimirira. Kumapetoko ikani valavu ya chogwirira chimodzi ya firikota kapena inchi imodzi m'malo mwa mpope wamba wa hafu inchi, chifukwa kampope kameneko pa mamita 4 kangadye zambiri mwa zomwe mwapindula pokulitsa paipi. Tengani cholumikizira chimodzi cha 32 m'thumba, mukachiyese pa nsonga ya paipi yatsopanoyo pa kauntala pomwepo musanalipire.